Ndinauza kasitomala K2.3 miliyoni, ku Mwanza kwatuluka K3.7 miliyoni: reti ya randi akuitenga pati?

Che Jafali wa ku Mayfair

Akuluakulu ndithandizeni msanga, thiraki yaima pa Mwanza ndipo mwini katundu akundiimbira mosalekeza. Katundu ndi maloko, mahinji ndi zogwirira zitseko, tinagula ku Crown Mines ku Joni pa 3 Novembala 2023, invoisi R80,000. Ndinamuwerengera dyute ndi VAT pa reti ya K63 pa randi imene ejenti anandipatsa tsiku lomwelo, zonse zinakwana K2,299,500, ndipo ndalamayo anaikonza kale. Lero ejenti wanditumizira asesimenti ya K3,736,688. Inde ndikudziwa kuti kwacha yagwa pa 9, koma katunduyu tinagula kwacha isanagwe, nanga reti yatsopano ikumukhudza bwanji? Komanso ngakhale ndiwonjezere 44 peresenti imene akunenayo sizikufika pa 3.7. Ejentiyu akundidya kapena pali chimene sindikuchiona? Kasitomala akuti zotsalazo ndilipire ndine.

Angoni a ku City Deep

Pamenepo palibe zokambirana achimwene. Reti ndi ya tsiku la invoisi. Munagula pa 3, mtengo wa katundu unakhazikika pa 3. Muuzeni ejenti akonze pepalalo, walakwitsa kulowetsa.

Nachisale

Che Jafali, musanakangane ndi ejenti tiyeni tiyang'ane pepala limene wakutumiziranilo. Ine ndinagwirapo ntchito yokiliya katundu ku Blantyre ndisanabwere kuno, ndiye ndilankhula zimene ndinkachita ndi manja angawa. Pa Form 12 yotuluka mu makina a kasitomu a ASYCUDA World, bokosi 22 limaonetsa mtundu wa ndalama ndi mtengo wa pa invoisi, apa payenera kulembedwa ZAR, kutanthauza randi, ndi 80,000. Bokosi 23 ndiye reti. Retiyo ejenti saisankha. Iye amangolemba kuti ndalama ndi ZAR, makinawo amadzibweretsera okha reti imene MRA yaika, yochokera ku mareti a boma a Reserve Bank of Malawi, ndipo amatenga imene ikugwira ntchito tsiku limene dekilaleshoni yalembetsedwa. Tsiku limene munagula, tsiku limene munapakira ku Joni, tsiku limene munaoloka Beitbridge, zonsezo makinawo alibe nazo ntchito posankha reti.

Tiuzeni zimene zalembedwa mu bokosi 23, tsiku lolembetsa lili pamwamba pafupi ndi nambala ya dekilaleshoni, ndi mtengo wa m'makwacha umene awerengerapo msonkho mu bokosi 47.

Che Jafali wa ku Mayfair

Bokosi 23 ndi 91. Alembetsa pa 14. Mtengo umene achotsapo dyute ndi K8,190,000. Koma 80,000 kuchulukitsa ndi 91 ndi 7,280,000, nanga 910,000 inayo yachokera kuti?

Nachisale

Gawani 910,000 ndi 91 mupeza R10,000. Thiransipoti munamulipiritsa zingati kasitomalayu?

Che Jafali wa ku Mayfair

R9,000 mpaka ku shopu kwake ku Limbe, ndi R1,000 ya inshuwalansi. Zili pa kapepala kanga kamene dalaivala wanyamula.

Nachisale

Ndiye zapezeka, ejenti sanakudyeni. Kwathu msonkho wa kasitomu sauwerengera pa mtengo wa mu shopu wokha. Amatenga CIF, mtengo wa katundu kuphatikiza inshuwalansi ndi ndalama yomunyamulira kufika m'dziko. Akaphatikiza zitatuzo m'marandi ndi pamene amasandutsa makwacha, kenako misonkho imakwerana pamwamba pa inzake. Ndachotsa matambala kuti zioneke bwino:

```
80,000 + 9,000 + 1,000 = R90,000
90,000 x 91            = K8,190,000
dyute 25%              = K2,047,500
VAT 16.5% x 10,237,500 = K1,689,188
zonse                  = K3,736,688
```

Onani kuti VAT sinachotsedwe pa 8,190,000 yokha. Yachotsedwa pa 10,237,500, kutanthauza mtengo wa katundu kuphatikiza dyute. Katunduyu akanakhala wa ekisaizi, ekisaiziyo ikanalowa pakati, kenako VAT n'kukwera pamwamba pa zonse zitatu. N'chifukwa chake reti ikasuntha pang'ono chabe, kusunthako kumamveka m'mizere yonse.

Tsono kusiyana kwa K1,437,188 kuli pawiri. Mukanaika R80,000 yomweyo pa reti ya 91, msonkho ukanakhala K3,321,500, ndiye kuti K1,022,000 yabwera ndi kugwa kwa kwacha. Imeneyo ndiyo 44 peresenti mumaifunayo. K415,188 yotsalayo ndi msonkho wa pa R10,000 ya thiransipoti ndi inshuwalansi, imene mu kotesheni yanu munalibe. Ngakhale kwacha ikanapanda kugwa, asesimenti ikanaposabe zimene munamuuza kasitomala.

Angoni a ku City Deep

Masamuwo ndawaona mayi, koma mfundo yanga ikadali pomwepo. Malamulo a kasitomu amati mtengo ndi umene munthu analipiradi pogula. Munthuyu analipira pa 3, dola ili pa K1,180. Sanalipire pa 14 dola ili pa K1,700. Mukamuwerengera pa 91 ndiye kuti mukumulipiritsa msonkho pa ndalama imene sanatulutse.

Nachisale

Angoni, theka la zimene mukunenazo ndi zoona. Mtengo ndi umene analipiradi, ndipo analipira R80,000. Nambala imeneyo palibe waisintha, ili mu bokosi 22 momwe ilili pa invoisi. Kusandutsa marandiwo kukhala makwacha ndi sitepe ina payokha, ndipo imachitika pamene katundu akulengezedwa ku kasitomu. Mukusakaniza zinthu ziwiri.

Mai a Tadala

Pepani ndilowererepo, ine ndimatumiza zovala ndi nsapato kuchokera ku Fordsburg. Amene anayamba kale ntchitoyi akukumbukira Meyi 2022 kwacha itagwa ndi 25 peresenti. Ine katundu wanga anali pa Nyamapanda. Mlongo wanga ku Lilongwe anali atasonkhanitsa kale ndalama za dyute kwa amayi asanu amene tinaphatikiza nawo katundu, aliyense gawo lake. Kufika pa boda ndalama yapelewera. Kubwereranso kwa amayi aja kukapempha zoonjezera, awiri anakana, amati mwagwirizana ndi dalaivala kuti mutibere. Zikwama zawo zinakhala mu sitolo ya kasitomu, ndalama yosungira ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku, mpaka mmodzi anadzalipira yochuluka kuposa imene ankakana ija. Ubale unatha pamenepo, mpaka lero tikakumana ku tchalitchi moni wake ndi wa patali.

Kuyambira nthawi imeneyo ine sinditchulanso dyute m'makwacha ndili kuno. Ndimauza munthu kuti msonkho wako ukhala pafupifupi marandi akutiakuti, makwacha ake tidzaona pa asesimenti, ndipo ndimamulembera pa foni kuti pakhale umboni. Che Jafali, pa katundu wanu wa 25 ndi 16.5 ndi pafupifupi 46 tambala pa kwacha iliyonse ya CIF, ndiye mukanangonena kuti konzani zokwana R41,000 pa reti ya tsiku lokiliya. Nambala imeneyo kugwa kwa kwacha sikuigwedeza.

Wa Zomba

Ine funso langa ndi lina pang'ono. Kasitomala wanga ku Zomba marandi sawapeza ku banki, amagula kwa anyamata a pamsewu pa mtengo wokwera kwambiri. Ndiye akamalipira dyute amuwerengera pa reti imene anagulira marandiyo? Chifukwa ngati ndi choncho bizinesi yatha.

Kambuzi

Ayi aise, reti ya pamsewu ku kasitomu kulibe. Kaya unagula randi pa mtengo wanji, iwo amaika yawo ya boma. Ndipo usakayambe kufotokozera ofisala kuti marandi unagula kwa anyamata, kusintha ndalama kunja kwa mabanki ndi mabyuro ovomerezeka ndi mlandu, ukadziitanira nkhani ina.

Koma pali chinthu chimene anthu sakuchiona pa zimene zachitikazi. Kwacha isanagwe reti ya boma inali pansi kwambiri kuyerekeza ndi ya pamsewu. Munthu amagula dola mokwera, koma msonkho amalipira ngati dola ndi K1,180. Ndiye kuti dyute inali yopepuka poyerekeza ndi ndalama imene katundu wamudyera. Pano reti ya boma yakwera kulondola ya pamsewu, kupepukako kwachepa. Amene amagula ndalama pamsewu mtengo wogulira katundu sunalumphe ndi 44 peresenti tsiku limodzi, koma msonkho wake walumpha ndi 44 yonse. N'chifukwa chake makasitomala akudabwa, amati ife dola timagula modula kale, chasintha n'chiyani. Chasintha ndi bokosi 23.

Angoni a ku City Deep

Ndiye mwavomereza nokha kuti reti imeneyi si ndalama imene munthu watulutsa. Ine ndikuti chilungamo chake ndi tsiku la invoisi. Ine ndinakiliyapo magalasi a mawindo ku Dedza kwacha itasuntha thiraki ili m'njira, ndipo ndinalipira pa reti yakale. Pepala ndili nalo.

Nachisale

Ndikukhulupirirani Angoni, koma taonani tsiku lolembetsa pa pepala limenelo. Ndikuganiza kuti ejenti wanu analowetsa dekilaleshoni thiraki isanafike, mapepala munamutumizira muli kuno. Zikatero reti imene imagwira ndi ya tsiku limene analembetsalo, ndipo imatha kufanana ndi ya tsiku la invoisi chifukwa masikuwo ayandikana. Si invoisi imene inakupulumutsani, ndi kufulumira kwa ejenti.

Ndipo ganizirani izi. Reti ikanakhala ya tsiku la invoisi, sabata ino aliyense pa Mwanza akanatulutsa invoisi ya pa 8 Novembala kapena m'mbuyo. Invoisi amalemba ndi wogulitsa, ndipo tonse tikudziwa mashopu ena kuno amene amakulembera tsiku lililonse ukawapempha. Tsiku lolembetsa amalemba ndi makina, palibe angalikankhire m'mbuyo.

Angoni a ku City Deep

Pepalalo lili ku nyumba ku Rosettenville, ndikaliona madzulo. Koma ngakhale zikhale choncho, munthu wogula kwacha isanagwe sayenera kulangidwa.

Che Jafali wa ku Mayfair

Chabwino, za reti ndamva. Nanga pa thiransipoti palibe chochita? R9,000 ija ndi mpaka ku Limbe, si mpaka pa boda. Komanso munthu wina wandiimbira akuti ndikanapanga setifiketi ya SADC dyute ikanachoka yonse.

Nachisale

Pa thiransipoti muli ndi mfundo, koma ndi yaing'ono. Ndalama yonyamulira katundu atalowa kale m'dziko siyenera kukhala mu mtengo wa msonkho, bola ikhale yolekanitsidwa pa pepala. Inu munalemba nambala imodzi, Joni mpaka Limbe, ndiye ejenti analowetsa yonse. Kuchoka pa Mwanza kufika Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100 pa ulendo wonse wodutsa Zimbabwe ndi Tete. Tinene kuti gawo limenelo ndi R600, pa 91 ndi K54,600, msonkho wake ndi K25,000 osakwana. Kuti mubweze ndalama imeneyo ejenti ayenera kupempha kusintha dekilaleshoni, ofisala aionenso, thiraki ikudikira. Ndalama ya dalaivala ndi yoimikira thiraki idzaposa zimene mukuthamangitsazo. Ulendo wamawa lembani mizere iwiri, Joni mpaka Mwanza, Mwanza mpaka Limbe, ndipo manambala ake akhale omveka, osati theka ndi theka.

Chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi kulemba kapepala kena ka thiransipoti kotsika pano asesimenti itatuluka kale. Koyambako kali kale mu makina.

Kambuzi

Za SADC musamumvere ameneyo. Setifiketi ija ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a SADC, si ya katundu aliyense wogulidwa ku South Africa. Maloko a ku Crown Mines tembenuzani katoni muone, ambiri alembedwa China. Kugula ku Joni sikusandutsa loko kukhala wa ku Joni. Ofisala akatsegula katoni n'kupeza dzina la dziko lina pomwe pepala likuti South Africa, dyute ulipira yonse ndi chindapusa pamwamba, mwinanso katundu kugwidwa. Komanso ngakhale katundu akhale wopangidwa kuno ndithu, setifiketi imakhudza dyute yokha, VAT imakhalapobe, ndipo VAT imeneyo imawerengedwanso pa reti yomweyo ya 91.

Mai a Tadala

Zoona. Ine bulangete zopangidwa kuno ndimazipatula pa invoisi yakeyake, za ku China pa ina. Ukasakaniza umavutika kufotokoza.

Wa Zomba

Nanga wogulitsa atalemba invoisi m'madola m'malo mwa marandi? Ndinamva kuti reti ya dola imakhala yabwinoko.

Kambuzi

Palibe phindu. Kwacha inagwa pa ndalama zonse nthawi imodzi, ya randi imatsatira ya dola. Gawa 1,700 ndi marandi 18 ndi theka amene akugula dola imodzi masiku ano, ufika pa 91 kapena 92 pomwepo. Chimene ungapeze ndi mavuto okha, chifukwa SAD 500 yotulutsira katundu kuno ikunena marandi, lisiti yolipirira ikunena marandi, invoisi yokha madola.

Choopsa chenicheni pa nkhani ya mtundu wa ndalama ndi ejenti wotopa kulemba USD pamene payenera ZAR. Zinamuchitikira mnzanga wina wonyamula zida za magalimoto, invoisi ya R30,000 inalowa ngati madola 30,000. Asesimenti inatuluka yoti ungagule nayo nyumba. Mwamwayi nambalayo inali yaikulu moti aliyense anaona kuti palakwika. Ndiye pepala likafika, diso loyamba pa bokosi 22, kenako 23, musanathamangire pansi pa zonse.

Bambo Phiri a mabasi

Ife a ku Park Station zathu ndi zina, okwera amalengeza katundu wawo pa Form 47 pa kauntala, koma reti ndi yomweyo ya boma. Sabata ino okwera ambiri atsala ndi katundu pa boda chifukwa ananyamula makwacha owerengera mwezi watha. Tikuwauza asanakwere kuti asunge marandi ena m'thumba. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi choti anthu ayamba kupempha mashopu kuti awalembere malisiti otsika kuti abweze 44 peresenti ija. Mayi wina anabwera ndi mafiriji awiri atsopano, lisiti yake mtengo wa wailesi. Ofisala amaona mafiriji tsiku lililonse, mitengo amaidziwa. Anaikana lisitiyo, anaika mtengo wawo, ndipo basi yonse inadikira munthu mmodzi.

Nachisale

Bambo Phiri mwakhudza pamene ndimafuna kufika. Che Jafali, pa pepala lanu mtengo wa R80,000 waulandira momwe ulili, sanaukweze. Chimenecho ndi chinthu chabwino, musachisokoneze. Mmene mungasiyanitsire ndi motere: ngati mtengo wa m'makwacha ukugawika bwinobwino ndi reti n'kukupatsani marandi amene mukuwadziwa, monga tapezera 90,000 apa, ndiye kuti ndi reti ndi thiransipoti basi. Mukagawa n'kupeza marandi oposa invoisi ndi thiransipoti, ndiye kuti mtengo wakwezedwa, ndipo pamenepo muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake ndi kupereka umboni wa malipiro. Reti simungaidandaule pa kauntala, ofisala amene ali pamenepo sangaisinthe ngakhale atafuna. Mtengo ndi nambala ya tarifi, yoonetsa gulu la katundu, ndi zimene zimakambidwa.

Kwa kasitomala wanu, mutumizireni asesimenti yeniyeniyo, osati nambala ya pakamwa, ndipo msonkho alipire yekha ku banki pa nambala ya asesimentiyo kuti lisiti ituluke m'dzina lake. Akaona kuti ndalama sikudutsa m'manja mwanu mtima umatsika. K1,022,000 ya reti ndi yake, katundu ndi wake ndipo pa shelefu amugulitsa pa mitengo yatsopano. Za K415,188 mukambirane awiri.

Angoni a ku City Deep

Ine ndikanakhala Che Jafali ndikanadikira kaye masiku angapo. Boma likhoza kulengeza kuti katundu amene anali kale m'njira alipire pa reti yakale. Zimenezi ndiye zoyenera.

Kambuzi

Madala musamuike mnzathu m'mavuto. Adikire thiraki ili pa boda ndi katundu wa anthu ena khumi? Ndipo dekilaleshoni yalembetsedwa kale pa 91, ngakhale randi itatsika mawa pepala lake silitsika nayo.

Mai a Tadala

Apo ndiye ndikufunsa nane. Ngati ejenti walembetsa lero, ine n'kulipira sabata yamawa reti itasintha, ndilipira iti? Ine ndimadziwa kuti imakhala ya pa pepala. Koma mlamu wanga akuti yake inafafanizidwa chifukwa nambala ya tarifi inali yolakwika, polowetsanso inatenga reti yatsopano.

Nachisale

Ikafafanizidwa n'kulembetsa ina, imeneyo ndi dekilaleshoni yatsopano ya tsiku latsopano, ndiye za alamu anuzo zikumveka. Kungokonza mzere umodzi pa dekilaleshoni yomweyo ndi nkhani ina, pamenepo mufunseni ejenti akuuzeni ngati akukonza kapena akufafaniza asanagwire chilichonse, makamaka amene analembetsa pa 8 kapena m'mbuyo ndipo sanalipirebe.

Wa Zomba

Amene ali ndi thiraki yonyamuka Lachisanu kudzera ku Dedza andiuze, ndili ndi makatoni 14 a matailosi ku Fordsburg. Komanso pa Zobue mzere uli bwanji sabata ino?

Bambo Phiri a mabasi

Dzulo mathiraki anafika mpaka kumapiri kuja, ambiri akudikira eni katundu apeze zoonjezera. Mabasi akudutsa.

Angoni a ku City Deep

Pepala lija ndalipeza. Invoisi ndi ya Lachiwiri, kulembetsa Lachitatu, thiraki inafika Lolemba linalo. Komabe reti yake ndi yofanana ndi ya tsiku la invoisi, ndiye mfundo yanga sinagwe. Che Jafali, kasitomala wayankha chiyani?